Zilembo Ziwiri za a Kondie

Tsiku limene a Kingstone Kondie anakumana koyamba ndi Mayi Marjory Sungani, mayiwo anali ndi chikwama paphewa, phazi limodzi lili kale m'galimoto. Unali mwezi wa Okutobala, phiri la Mulanje litabisala mu utsi wa moto wa m'tchire. A Kondie anafika atavala jekete yawo yakuda ya kutchalitchi, thukuta lili kamukamu. Mayi Sungani anawagwira chanza mothamanga.

"Ndinu Bambo Kondie? Takulandirani. Pepani, ndikanakhala pa Boma pano pamene munkafunsidwa mafunso ndikanakuonani kale. Ndikupita ku Milonde, ndibwera mkuja. Zonse ndakulemberani, zili padesiki panu."

Galimoto inadzutsa fumbi n'kupita. A Kondie anaima pakhonde, chipewa chili m'manja. Mawu amene anawatsalira m'khutu anali amodzi okha: ndakulemberani.

Kuti mumvetse mtima wa bamboyu, muyambe mwadziwa kumene anachokera. Agogo awo anaoloka Muloza kuchokera ku Mozambique wapansi, nsengwa ya kalongonda ili pamutu, n'kudzalowa ntchito yothyola tiyi. Bambo awo anakalambira m'mizere yomweyo ya tiyi. A Kondie ndiwo anayamba kukhala pamthunzi: anali kalaliki wa pasikelo pa esiteti ina, kulemba kulemera kwa masamba a munthu aliyense, ndipo m'zaka zomalizira anaphunzira kutaipa ziwerengerozo pakompyuta. Kumeneko bwana akafuna kukuyamikira ankakuuza pakamwa. Akafuna kukulangiza ankakuitanira kumbali. Pepala lokhala ndi dzina lako pamwamba ndi siginecha pansi linali chinthu chimodzi chokha, kalata yochenjeza. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu uzinyamula katundu. Iwo analandirapo imodzi, chifukwa cha pepala la pasikelo limene anasainira m'mawa, wina n'kudzalisintha masana. Palibe anafunsa kuti wasintha ndani. Anangoona dzina limene linali pansi.

Esiteti itachepetsa antchito, a Kondie anakhala pakhomo akulima nanazi ndi chinangwa, tsitsi likuyera. Tsono pamene kabungwe kena kogawa mbande za mitengo kwa alimi a m'mphepete mwa phiri kanawatenga kuti azilowetsa maina m'kompyuta, ankadziwa kuti khomo lina silidzatsegukanso. Anawapatsa miyezi itatu yowayesa. Ikatha bwino, ntchito ndi yawo.

Padesiki anapezadi pepala. Pamwamba dzina lawo, pansi siginecha. Anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kuvala magalasi.

"Okondedwa Bambo Kondie," inatero kalatayo, "takulandirani. Ntchito yathu yonse imakhala m'foda imodzi ya pa intaneti imene tonse timaiona. M'kati mwake muli mafoda anayi. Mu 01_Zakumunda timaika zinthu monga zabwerera kumudzi; musasinthemo kanthu, mukafuna kugwiritsa ntchito koperani. Mu 02_Zogwirira ndi mmene muzigwirira ntchito. Mu 03_Zomaliza ndimaikamo ndine ndekha, ndipo zimene timasindikiza zimachokera mmenemo. Mu 99_Zakale timasunthiramo zimene zatha ntchito. Kuno sitifufuta fayilo. Dzina la fayilo liziyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kuti mafayilo azindandalikana okha. Kenako malo, nkhani yake, nambala ya kope, ndi zilembo zoyamba za dzina lanu, chonchi: 2019-10-07_Milonde_mbande_v01_KK. Mukasintha fayilo ya mnzanu musalembe pamwamba pake. Sungani yatsopano, nambala ikwere, zilembo zikhale zanu. Chonde musasunge ntchito pa fulashi. Dziwaninso kuti foda imakumbukira amene wasintha chilichonse."

Anaiwerenga mpaka pansi, n'kuyambiranso. Mawu anali ofewa, inde, koma ija ya ku esiteti nayonso inayamba ndi "okondedwa". Chimene chinawalasa kwambiri chinali chitsanzo chija. Mayiyu akanatha kulemba zilembo zilizonse, koma analemba KK. Munthu sanagwire ngakhale ntchito ya ola limodzi, dzina lake lamangiriridwa kale kumchira kwa fayilo.

Mu ofesimo munali mtsikana wina wa kumunda, Millie Ganizani, wolankhula mothamanga ngati wailesi, amene ankayenda m'midzi panjinga yamoto kulemba alimi. A Kondie anamufunsa mochenjera, ngati nkhani wamba.

"Mwanawe, iwe pamene unkayamba, anakupatsa kalata?"

"Kalata yanji, madala?"

"Yonena za mafodawa."

"Aaa, ine ayi. Ine ndinangophunzira ndi kukalipiridwa," anatero Millie akuseka, n'kuvala chipewa chake cha panjinga.

Ndiye kuti kalatayo analembera iwo okha. Madzulo a tsikulo anaiyala pamphasa pamaso pa akazi awo.

"Mayi a Sharon, yoyamba ndi iyi."

"Yoyamba chiyani? Si akuti takulandirani apa?"

"Munthu wokulandira amakupatsa mpando. Salemba."

"Inu bambo, mwayamba kale? Jekete simunavule n'komwe."

Mawa lake anatsegula foda ya Zakale kuti aone chimene chimatayidwa kumeneko. Anapeza mafayilo ambirimbiri othera ndi zilembo HM. Anafunsa Mackson, woyendetsa galimoto ya bungwe, kuti HM anali ndani.

"Hudson ameneyo. Ankakhala pampando wanuwo."

"Ali kuti?"

"Anapita."

"Anapita yekha, kapena anamupititsa?"

Mackson anakweza mapewa, akupukuta galasi. "Za mu ofesi ine sindizidziwa, achimwene. Ine ndimadziwa matayala."

A Kondie anagwedeza mutu. Yankho lotero ankalidziwa bwino. Ndi mmene anthu amayankhira pamene nkhani ili yoipa. Anayang'ananso mndandanda wa HM, HM, HM, ndipo anaona manda a munthu amene anasaina chilichonse chimene anagwira, mpaka tsiku limene anamuwerengera zolakwa zake zonse pamodzi.

Choncho anadzipangira njira yawoyawo. Anagula fulashi pamsika wa pa Chitakale, naimangirira chingwe, n'kumaisunga m'thumba la m'kati mwa jekete. Fayilo imene awatuma kukonza ankaikopera pa fulashiyo, n'kumagwirira pamenepo, pamene palibe diso lowaona akulakwitsa ndi kufufuta. Ku esiteti munthu sankamuonetsa bwana pepala la zolembalemba. Ankamupatsa loyera lokha. Akamaliza, ankaibweza m'foda ndi dzina lomwe anaipeza nalo. Kompyuta ikafunsa ngati ilowe m'malo mwa imene ilipo kale, ankavomera. Motero ntchito inkagwirika, koma KK sankaoneka paliponse. Za kukumbukira kwa foda ankaziopa, komabe ankati m'mtima: zimenezo n'zoopsezera, chogwirika ndi dzina lolembedwa.

Ndipo ntchito yawo inali yabwino, zimenezo tisawamane. Dzina lolembedwa kawiri ankaliona msanga, mudzi wosokonezedwa ndi unzake ankaubweza pamalo pake. Mayi Sungani anali munthu wa maulendo, masiku ambiri ali m'minda ya mbande. Tsiku lina anaima kumbuyo kwawo n'kufunsa: "Bambo Kondie, mafayilo anu sindikuwaona. Zikuyenda?"

"Zikuyenda, mayi. Ndikungothandizira za anzanga."

"Kalata ija munaiwerenga?"

"Ndinaiwerenga ndithu," anayankha, msana utauma. Mayiwo atachoka, anapuma mozama. Kukumbutsa kalata ndiko kunali chizindikiro. Ku esiteti nakonso ankayamba choncho.

Mvula itayandikira, inafika ntchito yaikulu: mndandanda wa alimi olandira mbande pa Milonde. Mibawa, nsangu, mapeyala. Millie anali atasunga kope lachiwiri, v02_MG, ndipo a Kondie anauzidwa kuti alipete. Analikopera pa fulashi kumayambiriro kwa sabata, nakhala nalo masiku angapo, dzina ndi dzina. Pakati pa sabatayo Millie anakwera kumudzi wina wa kumtunda, kwa Muhiye, kumene madzi osefukira anakokolola minda chaka chapitacho. Analemba alimi a kumeneko, nawaonjezera pamndandanda, n'kusunga kope lachitatu monga mwa lamulo, v03_MG. A Kondie sanadziwe, chifukwa maso awo anali pa fulashi.

Lachisanu, pobweza ntchito yawo, anapeza kuti m'foda mwabadwa v03_MG. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kuitsegula anaopa, poganiza kuti nako kutsegula kumalembedwa penapake. Anaganiza kuti mtsikanayo wangokweza nambala. Njira yoongoka inali kuiwerenga, kuphatikiza ntchito ziwirizo, n'kusunga v04_KK. Chala chawo chinafika pa K, n'kubwerera. Anatcha fayilo yawo v03_MG, ndipo kompyuta itafunsa funso lake lija, anavomera.

Mayi Sungani, amene Millie anali atawauza kuti kope lachitatu lili ndi anthu onse, analitenga n'kuliika mu Zomaliza, nalisindikiza.

Tsiku logawa, a Kondie anapita nawo kuti azichonga maina. Pabwalo la pafupi ndi msika panadzaza anthu ndi mabeseni, madengu ndi njinga zomangirira makatoni. Mvula inali itagwa usiku wake, nthaka ikununkhira. Millie ankaitana, munthu n'kubwera, a Kondie n'kuchonga. Dzuwa litapendeka, pepala linatha, mbande zinatha, koma pansi pa mtengo wa mango panatsala gulu lathunthu likudikira.

Mayi wina wamtali, wa mpango wofiira, anaimirira. "Ife a kwa Muhiye mutiitana liti?"

Millie anatembenuza mapepala, kutsogolo, kumbuyo. Nkhope yake inasintha.

"Iwe mtsikana, si iwe unakhala pakhonde panga, n'kudya chinangwa changa, ukulemba dzina langa? Maenje takumba kale, ife. Tatsika phiri ndi mabeseni. Tikwere nawo opanda kanthu?"

"Amayi, ndinakulembani, ndikulumbira..."

"Unatilemba pamadzi eti? Kapena mitengo yathu wagulitsa?"

Anthu anayamba kusonkhana. Wina anakuwa kuti a mabungwe ndi choncho, amalemba anthu kuti adyerepo. Millie, uja wosatha mawu, anangoima, mapepala ali m'manja. A Kondie anali pambali pake, cholembera chili m'manja. Pansi pa pepala lililonse panali dzina la fayilo, lothera ndi MG. Anaziona zilembozo, namva fulashi ikuwalemera m'thumba ngati mwala wa pamtsinje. Anadziwa. Anangosiya mlandu ugwere mtsikanayo. Mayi Sungani ndiwo anaima pakati, napepesa, nalonjeza kuti abweranso ndi mbande sabata isanathe.

M'galimoto pobwerera Mackson anatseka wailesi. Pafupi ndi Boma, Millie ananena chapansipansi, osayang'ana munthu: "Ndinawalemba, mayi. Ndinasunga."

"Tikaona mawa," anatero Mayi Sungani.

Kunyumba a Kondie sanadye. Anauza akazi awo kuti mutu ukuwawawa. M'mawa anavala jekete, nalowa mu ofesi ngati munthu wolowa m'bwalo la milandu. Anaona Mayi Sungani ataweramira kompyuta yawo, kenako akuitana Millie, awiriwo akuloza chinachake. Millie anatembenuka n'kuwayang'ana kamodzi kokha. Kenako anatuluka, chitseko n'kuchimenyetsa.

Mayi Sungani sanawaitanire kudesiki. Anatenga mipando iwiri ya pulasitiki n'kuiika panja, pansi pa mtengo wa peyala.

"Bambo, khalani. Foda ikusonyeza kuti fayilo ya Millie inalowedwa m'malo Lachisanu masana, ndipo amene anachita zimenezo analowa ndi dzina lanu. Yake yoyamba ilipo, ndaibweza. Anthu a kwa Muhiye alimo onse. Chimene sindikumvetsa ndi ichi. Ntchito imene munachita pamndandandawo ndi yabwino. Bwanji munaibisa pansi pa dzina la mwana uja?"

A Kondie anayang'ana nsapato zawo. "Ndipatseni yachiwiriyo, mayi. Ndisaina."

"Yachiwiri chiyani?"

"Kalata. Yoyamba munandipatsa tsiku lofika."

Mayi Sungani anawayang'anitsitsa. "Ija? Ija yakulandirani?"

"Ena onse simunawalembere. Ndinafunsa."

"Chifukwa ena onse ndinawasiya asochere okha, ndipo Hudson pochoka anandiuza kuti ndinamuzunza. Anati wobwera pambuyo panga mudzamulembere."

"Hudson amene munamuchotsa."

"Hudson ali kusukulu ku Zomba, bambo! Amandiimbira foni akafuna kalata yomuchitira umboni."

A Kondie anaisinkha nkhaniyo. Zinali zotheka. Zinalinso zotheka kuti ayi.

"Nanga zilembozo n'zachiyani," anafunsa potsiriza, "ngati si zogwirira munthu?"

"N'zoti ndikapeza chinthu chimene sindikuchimva, ndidziwe woti ndimufunse. Kugwira munthu foda imagwira yokha, mwaona lero. Zilembo sizinakugwireni inu. Zinagwira Millie, dzulo, pamaso pa anthu, inu muli chiimire pambali pake."

Mawu amenewo ndiwo analowa. Bamboyu anali atanyamula kwa zaka zambiri chilonda cha pepala limene wina analisintha dzina lake lili pansi, ndipo tsopano anaona dzanja limene linasintha pepala la Millie. Anavula magalasi, nawapukuta ndi mpango, nawavalanso. Kenako anapisa m'jekete, natulutsa fulashi ndi chingwe chake, n'kuiika pampando pakati pawo.

"Muli zingati mmenemu?" anafunsa mayiwo.

"Zonse, chiyambire."

"Mayo ine. Ndiye kuti tiyenera kuona fayilo iliyonse imene munaibweza, ngati simunakwirire za wina." Anapuma. "Nanenso ndinalakwa, ndinaona kuti KK sakuoneka, n'kungodutsa. Kalata sindikupatsani, poti mwina mungakomoke nayo. Koma miyezi yanu yoyesedwa ndiionjezera, ndipo zimenezo ndiyenera kuuza akuluakulu. Mbande za kwa Muhiye mukapereka ndinu, ndipo mukawauza anthu aja pakamwa panu kuti mtsikana uja sanagulitse kanthu."

Anapitadi. Galimoto inakanika pamtunda chifukwa cha matope, ndipo anamaliza ulendo wapansi, anyamata a m'mudzimo atasenza makatoni. Pakhonde la mayi wa mpango wofiira a Kondie anavula chipewa, nalankhula Chilomwe cha agogo awo chimene anali atachisiya kalekale, chothyokathyoka. Ananena kuti wolakwa ndi iwo. Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Akulu ngati inu? Ndimayesa zosokoneza ndi za ana."

Millie sanawalankhule mpaka Khirisimasi itadutsa. Pamene anayambanso, anayamba ndi chipongwe: akalowa m'mawa ankati, "Mwadzuka bwanji, a v04?" Dzinalo linawakanirira mpaka kupuma ntchito, ndipo ankaliyankha.

Miyezi yoonjezera ija inatha, ndipo ntchito inakhala yawo. Anaigwira zaka zingapo, mpaka maso anayamba kuchita nkhungu. Mafayilo othera ndi KK anachuluka m'foda, aliyense ndi tsiku lake kutsogolo. Koma tisanamizane kuti mtima wawo unasanduka wina. Asanasunge fayilo iliyonse ankaiwerenga ngati mmene munthu amayendera munda wake mbala zitamveka m'mudzi. Mayi Sungani akawayamikira, ankafika kunyumba n'kunena kuti, "Lero andiyamikira. Kaya akukonza chiyani." Za Hudson anadzakhulupirira pokhapokha mnyamatayo atabwera yekha kudzacheza pa ofesi, ndipo ngakhale pamenepo anamutengera pambali n'kumufunsa ngati anachokadi mwa kufuna kwake.

Atapuma, anabwerera ku nanazi zawo. Miyendo inayamba kutupa, ndipo masiku ambiri ankakhala pampando wa ndalema pakhonde, akuyang'ana mitambo ikutsika ndi kukwera paphiri. M'chaka chawo chomaliza, nthawi ya chiperoni, foni inalira. Anali mawu a mtsikana amene sanawamvepo.

"Ndine Chiyembekezo, agogo, ndayamba kumene ku ofesi kuja. Ndapeza fayilo ya alimi a ku Milonde yothera ndi KK, ndiye Mayi Sungani akuti ndifunse inu. Pali maina ena munawaika chizindikiro chachikasu. Chimatanthauza chiyani?"

A Kondie anakhala tsonga. "Wakutuma ndani?"

"Palibe, agogo, ndimangofuna..."

"Nkhani za ofesi sitikamba pafoni. Ngati uli ndi funso, bwera nalo kuno."

Anadula, n'kuitana m'nyumba. "Mayi a Sharon! Ayambanso. Akufufuza mafayilo anga."

"Akufufuzeni chiyani inu, munthu woyenda ndi ndodo?"

"Simukuwadziwa anthu a maofesi."

Komabe Loweruka m'mawa anameta ndevu, natuma akazi awo kukathyola nanazi yakupsa bwino. Mtsikanayo anafika pa kabaza, kompyuta ili m'chikwama, nagwada powapatsa moni. Anawatsegulira fayilo ija, nakulitsa zilembo kuti aone. A Kondie anayandikitsa nkhope, nayang'ana maina achikasuwo mmodzimmodzi, milomo ikuyenda.

"Awa ndi amene anasamuka madzi atawagumulira nyumba," anatero. "Kapena ndi amene mitengo yawo inauma. Chimodzi mwa ziwirizi." Anakanda chibwano. "Ndaiwala, mwana wanga. Ukafunse Millie, ndi amene ankayenda kumeneko."

Chiyembekezo anaseka, natseka kompyuta. Iwo anamusendera nanazi ndi mpeni wawo wakale, namuyang'ana akudya, madzi akutsikira m'zigongono. Atatsala pang'ono kunyamuka, anamugwira dzanja, natsitsa mawu kuti akazi awo asamve.

"Tsono undiuze zoona. Kumeneko akuti ndinalakwitsa chiyani?"